Kusanthula positala ya pulopaganda pa funso la gwero: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene ophunzira a hisitole a Fomu 3 ndi Fomu 4 kuno ku Salima amafunsa kawirikawiri akapatsidwa positala ya pulopaganda ngati gwero, n'kuuzidwa kuti afotokoze uthenga wake, anthu amene inkawalunjika, njira zokopera zimene inagwiritsa ntchito, ndi cholinga chake. Tatenga positala imodzi ya mu 1915 kuti tiyende nayo limodzi, chifukwa mukaidziwa bwino imodzi, zinazo simuvutika nazo. Pa mayeso mudzayankha m'Chingerezi, koma kaganizidwe kake n'komweka.

Kodi positala yake ndi iti, ndipo pali chiyani?

Inatuluka ku Mangalande mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Anaijambula ndi Savile Lumley, ndipo inafalitsidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo imene inkayang'anira ntchito yokopa amuna kuti alowe usilikali.

Pa chithunzipo pali bambo wovala suti, wakhala pa mpando wa wofowofo m'nyumba yooneka bwino. Pamiyendo pake pakhala mwana wamkazi amene watsegula buku ndipo akuloza pa tsamba. Pansi, pafupi ndi mapazi a bamboyo, mwana wamwamuna akusewera ndi tizidole ta asilikali ndi kamzinga. Bamboyo wagwira chibwano, ndipo sakuyang'ana ana akewo. Maso ake ali pa inu amene mukuona positalayo. M'munsi muli funso la mwanayo, limene m'Chichewa tingati: "Ababa, kodi INU munachitapo chiyani pa Nkhondo Yaikulu?" Liwu loti "inu" analilemba m'zilembo zazikulu n'kulitsekera mzere kunsi. Palibe mfuti yeniyeni, palibe mdani, palibe magazi, ndiponso palibe mawu olamula munthu kuti akalembetse usilikali.

Ndikangotsegula pepala, ndiyambire pati?

Yambani ndi timawu tating'ono timene olemba mayeso amaika pamwamba kapena pansi pa gwero, osati ndi chithunzi. Timawuto timakuuzani zinthu zitatu: amene anapanga positala, dziko lake ndi chaka chake. Zitsekereni mizere zitatuzo. Ophunzira ambiri amathamangira chithunzi chifukwa ndicho chimakoka maso, kenako amalemba tsamba lathunthu osatchulapo n'komwe 1915.

Mukatero werengani mawu onse a pa positala, ndi aang'ono a m'mphepete omwe, chifukwa dzina la bungwe lofalitsa limabisala kumeneko. Ndiye muyang'ane chithunzi, mukudzifunsa kuti chachikulu kuposa zonse n'chiti, chili pakati n'chiti, anthu akuyang'ana kuti, ndipo n'chiyani chimene mumayembekezera kuona koma palibe. Lembani ndi pensulo m'mbali mwa gwero zinthu zitatu kapena zinayi zokha. Mphindi ziwiri n'zokwanira pa zonsezi.

Pomaliza bwererani ku funso, muone chimene likufuna. Ngati lafunsa uthenga, musayambe ndi cholinga. Ngati lafunsa chifukwa chimene positala inatulukira m'chaka chimenecho, ndiye kuti likufuna cholinga pamodzi ndi zimene zinkachitika nthawiyo.

Aphunzitsi, ndinafotokoza zonse zimene zili pa chithunzi, osasiyako kanthu. Nanga bwanji malikisi ochepa chonchi?

Chifukwa wochonga naye ali ndi maso. Mukalemba kuti "pali bambo, pali ana awiri, wina akusewera," mwangomuuza zimene akuziona kale. Uthenga ndi ganizo limene wopanga positala akufuna kuti likhazikike m'mutu mwa woiona, ndipo ganizo limalembedwa ngati chiganizo chathunthu chimene munthu wina angachitsutse.

Taonani mayankho atatuwa. Woyamba walemba kuti: "Positala ikuonetsa banja lili pabalaza." Uku n'kufotokoza chabe. Wachiwiri walemba kuti: "Uthenga wake ndi wokhudza nkhondo ndi ana." Uyu watchula mutu wa nkhani, koma sananene chimene positala ikunena pa mutuwo. Wachitatu walemba kuti: "Uthenga ndi woti mwamuna amene salowa usilikali lero adzachita manyazi pamaso pa ana ake nkhondo ikadzatha." Uwu ndiye uthenga, chifukwa uli ndi mbali imene waima, ndipo wina angathe kunena kuti si zoona.

Pali kayesedwe kosavuta. Yambani chiganizo chanu ndi mawu oti "Wojambula akufuna kuti woona akhulupirire kuti..." n'kumaliza. Ngati chimene mwalemba sichikulowa bwino pamenepo, sichinafike pokhala uthenga.

Mukapeza uthenga, muumangirire ku chinthu chooneka. Nkhope ya bamboyo ndi yodandaula ndipo alibe choyankha. Umenewo ndi umboni wa manyazi. Mnyamata akusewera ndi asilikali. Umenewo ndi umboni woti anawo amalemekeza asilikali, ndiye bambo amene sanapite ku nkhondo alibe poyambira. Onaninso kuti pali mauthenga ang'onoang'ono, monga woti nkhondoyi idzalembedwa m'mabuku, kapena woti Mangalande idzapambana popeza nyumbayo ili pa mtendere ndipo ana avala bwino. Amenewa ndi oona, koma ndi othandizira. Mukawaika patsogolo n'kusiya wa manyazi uja, mwaphonya pachimake.

Uthenga ndi cholinga, kodi si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene malikisi ambiri amathera. Uthenga ndi chimene akufuna kuti muganize kapena mumve mumtima. Cholinga ndi chimene akufuna kuti muchite mukaganiza choncho. Msodzi wa ku Senga Bay akamata nyambo pa mbedza, chimene nsomba ikuona ndi nyamboyo, koma iye sanabwere kudzadyetsa nsomba, akufuna kuikokera m'bwato. Nyambo ya positala iyi ndi manyazi a bambo, ndipo kukokera m'bwatoko n'koti mwamuna wa mu 1915 adzuke, apite ku ofesi yolembera asilikali, akalembetse dzina.

Choncho chiganizo cha cholinga chizikhala ndi zinthu zitatu: anthu ake, chochita chake, ndi chifukwa chimene wopangayo anafunira zimenezo nthawi imeneyo. Mawu oti "kudziwitsa anthu" kapena "kuonetsa" ndi ofooka kwambiri pa pulopaganda. Boma silinawononge ndalama zosindikizira kuti anthu angodziwa kuti kuli nkhondo, popeza aliyense ankadziwa kale. Gwiritsani ntchito aneni monga kukopa, kukakamiza, kuchititsa manyazi, kuopseza, kulimbitsa mtima, ndipo muwatsatize ndi "kuti achite chakuti".

Ndingadziwe bwanji anthu amene positala inkawalunjika?

Mayankho awiri olakwika amabwerabwera. Loyamba ndi loti inalunjika ana, poti pali ana ndiponso wolankhula ndi mwana. Koma mwana sangalembetse usilikali. Anawo ndi chida chabe. Lachiwiri ndi loti inalunjika "anthu onse a ku Mangalande". Limeneli silolakwika kwenikweni, koma n'lotambalala kwambiri moti silikunena kanthu. Positala imapachikidwa poti aliyense aione, koma imakhala ikufunafuna gulu limodzi.

Kuti mulipeze gululo, dzifunseni kuti ndani angachite chimene positala ikufuna. Yankho ndi amuna a msinkhu wa usilikali amene anali asanalembetse. Kenako funsani kuti ndani akadziona yekha pa chithunzipo. Bamboyo wavala suti, osati yunifolomu, ndipo nyumba yake ili ndi makatani ndi mpando wabwino. Ameneyu si mlimi wosauka kapena wokumba malasha. Ndi munthu wa moyo wapakati, wa ntchito yokhazikika, amene ali ndi zambiri zoti ataye akapita ku nkhondo. Funso lachitatu n'loti, ndi chifukwa chanji chokanira chimene positala ikuchigwetsa? Mwamuna wapabanja akanatha kunena kuti, "Sindingapite, ndili ndi ana." Positala yatenga ana omwewo n'kuwasandutsa chifukwa chopitira. Mnyamata wosakwatira nayenso wakhudzidwa, chifukwa chithunzicho ndi cha m'tsogolo, cha tsiku limene adzakhale ndi ana ake.

Mukhoza kuwonjezera gulu lachiwiri, la akazi ndi abale amene akanatha kumuumiriza mwamunayo. Positala ina ya chaka chomwecho inawaika akaziwo patsogolo penipeni, ikuonetsa amayi ali pa windo kuyang'ana asilikali akupita, ndi mawu oti akazi a dzikolo akuti "pitani". Koma pa ya Lumley, gulu loyamba ndi amuna.

Nkhani ya kwathu kuno imathandiza kumvetsa mfundoyi. Nyasaland inalowa nawo nkhondo yomweyi: kunamenyedwa nkhondo ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo amuna ambirimbiri anatengedwa kukhala asilikali ndi amtengatenga onyamula katundu. Koma ambiri mwa amtengatengawo sanakopedwe ndi chithunzi cha bambo wa suti. Anatengedwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma, nthawi zambiri mokakamiza. John Chilembwe analemba kalata kumapeto kwa 1914 yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosawakhudza. Positala yokopa imapangidwira munthu amene ali ndi ufulu wokana. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuti inu mumvetse, koma musaithere ndime yonse pa mayeso ngati funso likunena za Mangalande.

Nanga njira zokopera? Ndingotchula mayina ake basi?

Kutchula kokha sikukwanira. Njira iliyonse ilembedwe ndi zinthu zitatu: dzina lake, pamene ikuoneka pa positala, ndi chimene ikuchita mumtima mwa woona. Njira ziwiri kapena zitatu zofotokozedwa motere zimaposa mndandanda wa njira zisanu ndi ziwiri zongotchulidwa.

Njira yaikulu pa positala iyi ndi kuchititsa manyazi. Sikuopseza kuti mdani akubwera, komanso sikulonjeza ulemerero. Ikumufika mwamunayo pamalo pamene sangadziteteze, m'nyumba mwake, pamaso pa mwana wake. Zikanakhala kuti wofunsayo ndi mkulu wa asilikali, bamboyo akanatha kukwiya kapena kutsutsa. Koma mwana wamng'ono wafunsa mosalakwa, sakudziwa n'komwe kuti funsolo likubaya, ndipo mwana wotere simungamukalipire.

Yachiwiri ndi kulankhula ndi munthu mmodzi mwachindunji. Liwu lija la zilembo zazikulu likugwira ntchito pawiri: m'chithunzimo likupita kwa bamboyo, koma pa khoma likupita kwa aliyense wowerenga. Maso a bamboyo akuthandizira zomwezo, chifukwa atuluka m'chithunzi n'kudzakumana ndi anu. Yerekezani ndi positala yotchuka ya mu 1914 ya Alfred Leete, pamene Kitchener, nduna ya za nkhondo, akuloza chala kwa woona. Njira ndi yomweyo, koma kamvekedwe kasintha. Kitchener akuitana ngati mtsogoleri, pamene ya mu 1915 ikukumba chikumbumtima.

Yachitatu ndi funso lopanda yankho. Positala sikulamula kanthu. Yasiya funso m'malere kuti woona aliyankhe yekha, ndipo yankho lokhalo losachititsa manyazi ndi loti "ndinamenya nawo". Munthu amakhulupirira kwambiri ganizo limene akuona ngati walipeza yekha.

Yachinayi, imene ophunzira ochepa okha amaiona, ndi kusiya dala zinthu zina. Nkhondo yokhayo imene ili pa positalayo ndi ya tizidole, yaukhondo, yokhala ngati masewera. Palibe ngalande zamatope zobisalamo asilikali, palibe ovulala, palibe mwana wamasiye. Positala ikuonetsa mtengo wa kusapita, koma yabisa mtengo wa kupita, umene kwa ana ambiri unali kukula opanda bambo woti n'kumufunsa funso lililonse. Ikubisanso kuti munthu akanatha kutumikira dziko m'migodi, m'mafakitale a zida kapena pa njanji. Njira zasiyidwa ziwiri zokha, usilikali kapena manyazi. Mukalemba za chimene palibe, onetsetsani kuti mwanena chifukwa chake chinasiyidwa, apo ayi zimaoneka ngati mukungodandaula.

Mumalimbikira za chaka. Kodi 1915 ikusintha chiyani?

Ikusintha zonse, chifukwa ndiyo ikuyankha funso loti "bwanji nthawi imeneyo?" Mangalande inalowa nkhondo pa 4 Ogasiti 1914 ili ndi gulu la asilikali laling'ono poyerekeza ndi la Jeremani kapena la Falansa, ndipo inalibe lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali monga zinalili m'maiko awiriwo. Inkadalira odzipereka okha. Poyamba amuna anakhamukira ku maofesi olembera, moti pofika kumapeto kwa Seputembala 1914 analembetsa anali pafupifupi 750,000. Kenako chiwerengero cha pamwezi chinatsika. Nkhondo imene ambiri ankati itha msanga inakhazikika m'ngalande, mayina a akufa ankatuluka m'manyuzipepala, ndipo amene anali ndi chidwi anali atapita kale. Otsalawo ankafunika kukankhidwa mwamphamvu, n'chifukwa chake mapositala ena anachoka pa kuitana n'kufika pa kuchititsa manyazi.

Mu Januwale 1916 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna osakwatira kulowa usilikali, ndipo mu Meyi chaka chomwecho lamulolo linafikanso kwa okwatira. Kuyambira pamenepo panalibenso chifukwa chonyengerera munthu ndi chithunzi.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi woti, popeza mwanayo akufunsa za zinthu zakale, ena amalemba kuti positala inapangidwa nkhondo itatha pofuna kukumbukira asilikali. Ayi. Inapangidwa nkhondo ili mkati, ikuyerekeza za m'tsogolo, ndipo wolemba kuti inatuluka nkhondo itatha wataya uthenga ndi cholinga chomwe. Wachiwiri ndi kubweretsa zinthu zimene zinali zisanachitike. Nkhondo ya ku Somme, imene pa tsiku lake loyamba lokha asilikali a Mangalande oposa 19,000 anafa, inayamba pa 1 Julayi 1916. Simunganene kuti positala ya mu 1915 inapangidwa chifukwa cha imfa za ku Somme. Musanalembe chochitika chilichonse ngati chifukwa, yerekezani chaka chake ndi chaka cha gwero.

Tingaone nawo yankho lathunthu?

Tiyerekeze kuti funso likuti: "N'chifukwa chiyani positala iyi inafalitsidwa ku Mangalande mu 1915? Gwiritsani ntchito gwero ndi zimene mukudziwa." Yankho labwino lingayende motere:

"Positala iyi inafalitsidwa pofuna kuchititsa manyazi amuna amene anali asanalowe usilikali, makamaka apabanja ndi a ntchito zokhazikika, kuti akalembetse mwa kufuna kwawo. Uthenga wake ndi woti wosapita ku nkhondo adzasowa choyankha ana ake. Izi zikuoneka pa nkhope yodandaula ya bambo wovala suti, amene mwana wake wamkazi akumufunsa zimene anachita pa nkhondo, pamene mwana wamwamuna akusewera ndi tizidole ta asilikali, kusonyeza kuti anawo amalemekeza omenya nkhondo. Liwu loti 'inu' lili m'zilembo zazikulu ndipo bamboyo akuyang'ana woona, kuti mwamuna aliyense amve ngati funsolo ndi lake. Boma linafunika njira yamphamvu chonchi mu 1915 chifukwa kunalibe lamulo lokakamiza usilikali mpaka 1916, ndipo chiwerengero cha odzipereka chinali chitatsika poyerekeza ndi Seputembala 1914, pamene nkhondo ya m'ngalande inkafuna amuna ochuluka olowa m'malo mwa akufa ndi ovulala."

Onani kuti chiganizo choyambirira chayankha kale funso, ndipo chili ndi cholinga ndi anthu ake. Ngakhale nthawi itakutherani pamenepo, wochonga ali ndi choti akupatsireni malikisi. Palibe mawu oyamba ofotokoza mmene nkhondo inayambira ku Sarajevo. Amenewo ndi oona, koma funsoli silikuwafuna, ndipo amadya mphindi zitatu zimene mukanalembera umboni. Funso likanakhala la uthenga wokha, mukanayamba ndi chiganizo chachiwiri chija, n'kufupikitsa mbali ya 1915 kukhala mzere umodzi kapena iwiri.

Pepala lathu linali fotokope yakuda, nkhope sizinkaoneka. Zikatero titani?

Zimachitika kawirikawiri pa mayeso a pasukulu, inki ikamatha m'makina. Lembani zokhazo zimene mukuziona ndi maso anu. Musanene za mitundu ya zovala ngati pepalalo ndi lakuda ndi loyera, ngakhale munaiona positalayo m'buku. Mawu, kukula kwa zilembo, kakhalidwe ka matupi ndi malo amene munthu aliyense waikidwa zimaonekabe ngakhale pa fotokope yoipa, ndipo n'zokwanira kumangapo yankho. Ngati mawu enieniwo sakuwerengeka, kwezani dzanja mumuuze woyang'anira mayeso nthawi yomweyo, osati mutatuluka.

Popeza pulopaganda ndi yokondera, ndingalembe kuti gwero ili n'lopanda ntchito?

Musalembe choncho. Chiganizo choti "gwero ili n'lokondera choncho n'losadalirika" chimalembedwa ndi ophunzira ambiri, ndipo sichipindula kanthu chikaima chokha. Funso loyenera n'loti, n'lothandiza pa chiyani? Positala ya Lumley singakuuzeni mmene moyo unalili m'ngalande za ku Falansa. Koma ndi umboni wabwino kwambiri wa zinthu zina: kuti boma linkasowa asilikali, kuti linkadalirabe kukopa, kuti linafika pogwiritsa ntchito ana ndi manyazi, ndiponso kuti anthu a nthawiyo ankayembekezera zotani kwa mwamuna ndi kwa bambo. Kukondera kwakeko ndiko kukutiphunzitsa zimenezi.

Malire ake muwanenenso momveka. Positala imaonetsa zimene woipanga ankafuna, osati zimene woiona anachita. Singakuuzeni kuti ndi amuna angati anakalembetsa ataiona, kapena kuti ndi angati anaipidwa nayo. Amuna pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka anadzipereka lamulo lokakamiza lisanabwere, koma anali ndi zifukwa zambiri: anzawo a kuntchito anapita, ena analibe ntchito, ena anakwiya ndi kulowa kwa Jeremani m'dziko la Beljiyamu. Kubwera kwa lamulo la mu 1916 kukusonyeza kuti kukopa kokha sikunakwanitse chiwerengero chimene boma linkafuna. Kuti mudziwe mmene anthu anailandirira, pafunika magwero ena, monga makalata, manyuzipepala ndi mabuku a maofesi olembera asilikali.

Nanga ikabwera positala ina, monga ya chipani cha Nazi, njirayi igwirabe ntchito?

Igwira, bola musanyamule mayankho a positala ina n'kuwamata pa inzake. Tengani ya ku Jeremani ya mu 1932, imene anajambula Hans Schweitzer. Ikuonetsa khamu la anthu a nkhope zowonda ndi zotopa, amuna ndi akazi, ndi mawu oti "Chiyembekezo chathu chomaliza", kenako dzina la Hitler m'zilembo zikuluzikulu. Nkhope ya Hitler palibe.

Yambani ndi chaka, monga kale. Mu 1932 Hitler anali asanatenge boma. Anakhala mtsogoleri wa boma pa 30 Januwale 1933. Choncho iyi si positala ya boma, ndi ya chipani chofuna mavoti, m'chaka chimene kunali chisankho cha pulezidenti komanso zisankho ziwiri za aphungu. Wolemba kuti "Hitler ankafuna kuti anthu amvere boma lake" walakwitsa cholinga chifukwa chosayang'ana chaka. Anthu osowa ntchito anali pafupifupi 6 miliyoni kutsatira kugwa kwa chuma kumene kunayamba mu 1929, ndiye olunjikidwa ndi osowa ntchito, mabanja awo, ndi ena oopa kuti mawa zigwera iwo. Uthenga ndi woti zipani zina zonse zalephera ndipo watsala munthu mmodzi yekha. Njira yake ndi kumuonetsa wovota nkhope yake yomwe pakati pa khamulo, kumulankhulira ndi liwu loti "chathu" ngati kuti mawuwo akuchokera kwa anthu osati ku chipani, ndi kupereka dzina m'malo mwa ndondomeko. Palibe pamene akunena mmene ntchito zidzapezekere, ndipo za chidani cha chipanicho pa Ayuda sizikutchulidwa pa positala imeneyi, chifukwa apa ankafuna voti ya munthu wanjala aliyense. Cholinga n'choti anthuwo avotere Hitler ndi chipani chake. Mu Julayi 1932 chipanicho chinapeza mipando 230 n'kukhala chachikulu m'nyumba ya malamulo, koma mu Novembala chinatsika kufika pa 196, choncho samalani ndi chiganizo choti mapositala ndiwo anamupatsa ulamuliro.

Kusukulu kwathu mabuku okhala ndi mapositala ndi ochepa. Tingayeserere pa chiyani?

Makoma a pa Kamuzu Road, a kumsika wa pa boma, a ku Chipoka ndi a pa zipatala zing'onozing'ono ali ndi zokwanira. Mapositala a katemera, a kolera, oletsa kugwira nsomba ndi maukonde a udzudzu, ndi a zisankho amene amatsalira pa mitengo ndi pa magolosale, onsewa amafuna kuti gulu lina la anthu lichite kanthu. Si onse amene ali pulopaganda ya ndale, koma mafunso anayi aja amagwira pa onse.

Chitani awiriawiri. Sankhani positala imodzi, aliyense alembe ziganizo zinayi m'mphindi zisanu: uthenga, anthu ake, njira imodzi ndi pamene ikuoneka, ndi cholinga chokhala ndi "kuti achite chakuti". Kenako sinthanani makope, ndipo mnzanuyo aike chizindikiro paliponse pamene mwanena kanthu popanda kuloza chinthu cha pa positala. Fufuzani m'munsi dzina la amene analipira kuti isindikizidwe, kaya ndi unduna, bungwe kapena chipani, ndipo muone ngati ili m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chingerezi, chifukwa chilankhulo chimaulula amene akufunidwa. Pa za zisankho, sankhani dala ya chipani chimene kwanu amachikonda, muisanthule mofanana ndi ya chipani chinacho. Kumeneko ndi kumene kumavuta kuona chimene chasiyidwa. Mukatero bwererani ku mapositala a m'silabasi, a nkhondo ziwiri zija, a Hitler ndi a Stalin, ndipo pa iliyonse lembani chaka chake pamwamba pa tsamba musanalembe china chilichonse.